Sikechi ya pensulo isanduke chithunzi, nyumba osasintha msinkhu

Mu Januwale 1957 boma la New South Wales ku Australia lidalengeza kuti Jørn Utzon, katswiri wojambula mapulani wa ku Denmark, ndiye wapambana mpikisano wojambula nyumba ya zisudzo ndi nyimbo ya mumzinda wa Sydney. Mapulani opikisana adalipo 233. Oweruza adakopeka ndi denga la Utzon, la zigoba zopindika zogonera chapansi. Vuto lidali lakuti mizere yopindikayo idangochokera m'dzanja, popanda masamu oifotokoza. Mainjiniya a kampani ya Ove Arup adalimbana nayo zaka zingapo, mpaka mu 1961 pamene Utzon adaganiza kuti zigoba zonse zikhale zidutswa za mpira umodzi, wa mamita pafupifupi 75 kuchoka pakati pake kufika kunja. Nyumba yomwe idatsegulidwa mu 1973 ili ndi denga loima njo, losiyana ndi lija lidapambana mpikisano.

Pensulo imalola zinthu zomwe milingo siilola. Izi zidachitikira katswiri wotchuka, ndipo zimachitikiranso munthu wamba amene wajambula nyumba ya kumtima kwake papepala, n'kupita nayo kwa wodziwa kompyuta kuti aisandutse chithunzi chooneka ngati chojambulidwa ndi kamera. Chithunzi choterechi eni ntchito amachitcha renda. Masiku ano kupeza renda yokongola n'kosavuta: pali mapulogalamu omwe mumphindi imodzi amaika udzu wobiriwira, mitambo ndi galimoto pabwalo. Chovuta n'chakuti nyumba ya m'chithunzimo ikhale yomwe ija ya papepala, chitseko chisatalike, denga lisakwere, mazenera atatu asasanduke anayi.

Chitsanzo chabwino ndi nyumba wamba ya zipinda zitatu zogona. Mwini wake akufuna ikhale mamita 12 mulitali ndi mamita 8 mulifupi, khoma mamita 2.8 kuchoka pansi kufika podutsa denga, yomangidwa ndi mabuloko a simenti, yofoleredwa ndi malata. Waijambula papepala la A4 ngati waima chapakona, akuona kumaso kwa nyumba ndi mbali imodzi.

Ntchito imayamba ndi rula, kompyuta isanayatsidwe. Pa sikechi yoonera chapakona pali malo amodzi okha odalirika poyambira kuyeza: mzere woimirira wa kona yomwe ili pafupi ndi woonayo. Tinene kuti mzerewu ndi mamilimita 70. Popeza khoma ndi mamita 2.8, ndiye kuti pakonapo mita imodzi ndi mamilimita 25. Koma sikelo imeneyi ndi ya pakona pokhapo. Khoma likamapita kutali limafupika, ndipo amene angatenge mamilimita 25 omwewo n'kuyezera nawo chitseko chapakati pa khoma wasokera kale.

Chitseko chimayezedwa poyerekeza ndi khoma la pamalo pomwe chili. Chitseko wamba pamodzi ndi felemu yake chimafika mamita 2.1, omwe ndi magawo atatu mwa anayi a mamita 2.8. Ngati pamalo a chitsekocho khoma laoneka mamilimita 56, chitseko chiyenera kukhala 42. Pa sikechi yathuyi chili 48, kutanthauza chitseko cha mamita 2.4. Dzanja limachita zimenezi osadziwa: chomwe munthu amachiona chofunika amachikulitsa. Mamilimita 6 papepala sapweteka maso, koma akalowa m'chithunzi chooneka chenicheni amasokoneza nyumba yonse, chifukwa aliyense amadziwa kutalika kwa chitseko ndipo maso amayezera pamenepo zina zonse. Chitseko chikakula, nyumba imaoneka yaing'ono. Chikachepa, nyumba ya zipinda zitatu imaoneka ngati holo ya tchalitchi.

Chachiwiri ndi mzere wa diso. Munthu woima amaona zinthu ali pa msinkhu wa mamita pafupifupi 1.6, choncho pa kona ija mzerewu ukudutsa mamilimita 40 kuchokera pansi, n'kuyenda mopingasa pepala lonse. Mizere yonse yogona ya khoma limodzi, monga ya maziko, ya lintala ndi ya m'mphepete mwa denga, ikapitirizidwa ndi rula iyenera kukakumana pamalo amodzi pa mzere wa disowo. Ya khoma linalo imakakumana kumbali inayo. Pa sikechi ya dzanja sizitheka kawirikawiri. Mzere wa maziko umaloza kwina, wa denga kwina, ngati kuti wojambulayo adaona maziko ataima pansi, denga n'kuliona atakwera pa makwerero. Apa munthu ayenera kusankha mizere iwiri yomwe akuikhulupirira, kenaka n'kukonza inayo kuti iitsatire.

Nanga pakati pa khoma amapapeza bwanji, poti rula singathandize? Amajambula mizere iwiri yodutsana kuchokera m'makona anayi a khomalo. Pomwe yapingasana ndiye pakati penipeni, ndipo nthawi zonse pamakhala chakutali pang'ono kuposa pomwe maso amaganizira. Ambiri amaika chitseko chapakati pafupi kwambiri ndi kona, n'kusiya mazenera a kutali atatambasuka mopitirira.

Pepala likamalowa m'kompyuta pamakhala misampha iwiri, ndipo yonse ndi yopusa. Woyamba ndi kujambula sikechi ndi foni yopendekeka. Pepala limatuluka lopapatiza kumtunda, makoma n'kumaoneka ogwera m'kati. Sikana imathetsa vutoli; ikasowa, pepala ligone pathebulo, foni iyang'ane pansi molunjika, makona onse anayi aoneke kuti awongoledwe mpaka pepala libwerere pa mamilimita 297 ndi 210. Msampha wachiwiri ndi bokosi lomwe pulogalamu imafuna. Stable Diffusion 1.5 idaphunzitsidwa ndi zithunzi za mapikiselo 512 mbali zonse, ndipo ambiri amangosiya nambala zimenezo. Mu AUTOMATIC1111, akasankha Just resize, pepala logona limafinyidwa kuti likwane m'bokosi lofanana mbali zonse, ndipo nyumba imataya pafupifupi 29 peresenti ya m'lifupi mwake ntchito isanayambe n'komwe. Nambala monga 768 ndi 544 zimasunga maonekedwe a A4, kapena asankhe Resize and fill, yomwe imawonjezera m'mphepete m'malo mofinya.

Kuchokera apa pali njira ziwiri. Yakale ndi kumanga nyumbayo m'kompyuta, khoma ndi khoma. Yatsopano ndi kupereka sikechi kwa pulogalamu yopanga zithunzi kuti iiveke. Yoyamba imatenga nthawi koma siinama. Yachiwiri ndi yachangu, ndipo ndi yomwe imafuna kuiyang'anitsitsa.

Panjira yakale, pulogalamu yaulere ya fSpy imagwira ntchito yomwe rula idayamba. Munthu amagoneka mizere iwiri motsatira khoma lakumaso, iwiri ina motsatira khoma lam'mbali, n'kuiuza mlingo umodzi wodziwika, monga mamita 2.8 a pakona. Pulogalamuyo imawerengera pomwe kamera ikadaima ndi lenzi yomwe ikadagwiritsa ntchito, ndipo zotsatirazo zimalowa mu Blender, yomwenso ndi yaulere. SketchUp ili ndi chida chofanana nacho chotchedwa Match Photo. Kenaka amapanga bokosi lopanda chokongoletsa chilichonse, la mamita 12, 8 ndi 2.8, n'kuliyang'ana kudzera m'kamera ija, sikechi ikuonekera kumbuyo kwake.

Mphindi imeneyi ndiyo imaulula zonse. Tinene kuti bokosi lathera patsogolo pa pomwe khoma la pensulo lathera, ndipo kuti zifanane bokosilo liyenera kufika mamita 14. Apa palibe batani lothandiza. Mwini nyumba asankhe: kodi akufuna nyumba yaitali, yogonera pansi, yomwe idamusangalatsa papepala, kapena ya mamita 12 yomwe poloti ndi thumba zikulola? Wojambula wachilungamo amabwerera kwa mwini wake ndi funso limeneli. Wofuna kumaliza msanga amangosunga mamita 14 m'chithunzi, mwini nyumba n'kudzadabwa mmisiri akakhoma zikhomo pamalopo.

Denga nalo lili ndi masamu ake. Nyumba ya mamita 8 mulifupi, denga lotsetsereka madigiri 20 mbali ziwiri, msana wake umakwera mamita pafupifupi 1.46 pamwamba pa khoma, kungopitirira pang'ono theka la khomalo. Masikechi ambiri amajambula denga lotalika ngati khoma lenilenilo, zomwe zikutanthauza madigiri 35. Denga lotere limakongola ndithu, koma matabwa ndi malata ake ndi ena.

Bokosi likakhala bwino, zina zimatsata: mabowo a zitseko ndi mazenera, khonde, kenaka zoveka. Pazovekazi pali pobisalira pena pa milingo. Buloko ya simenti pamodzi ndi matope ake imatenga mamilimita 400 mulitali ndi 200 msinkhu, ndiye khoma lathuli lili ndi mizere 14 ya mabuloko, mzere uliwonse wakumaso mabuloko 30. Wojambula akaika chithunzi cha mabuloko osachiyeza, n'kutuluka mizere 20, khoma limaoneka la mamita 4 ngakhale bokosi lili lolondola. Malata a IBR nawonso ali ndi mlingo wake: lililonse limafunda mamilimita 686. Mmisiri aliyense womanga akaona renda amayamba wawerenga zinthu zimenezi, mwina osadziwa n'komwe kuti akuwerenga.

Kamera ingathenso kunamiza nyumba yolondola. Lenzi yotambalala, ya mamilimita 18 kapena 20, ikayandikira imakulitsa kona yapafupi n'kuchititsa kanyumba kuoneka chinyumba, n'chifukwa chake otsatsa malonda a nyumba amaikonda. Kamera ikangoweramutsidwa kuti denga likwane, makoma amayamba kupendekera m'kati. Ojambula nyumba amaisiya kamera itayang'ana molunjika, n'kukweza chithunzi ndi Shift Y mu Blender kapena kusankha Two-Point Perspective mu SketchUp, kuti mizere yoimirira ikhale yoimiriradi.

Njira yatsopano idafika kwa anthu wamba mu Ogasiti 2022, pamene Stable Diffusion idatulutsidwa kuti aliyense aigwiritse ntchito pa kompyuta yake. Pulogalamu yotere siidziwa mita. Idaphunzira poona zithunzi zankhaninkhani ndi mawu ozifotokoza, ndiye ikapatsidwa sikechi imaithira phokoso la timadontho, n'kumalichotsa pang'onopang'ono molunjika ku chomwe chimafanana ndi zithunzi zomwe idaziona. Kulemba kuti khoma ndi mamita 2.8 sikuthandiza kwenikweni. Mawuwo amalowa, koma mulibe rula m'katimo. Imachita ngati telala waluso amene wasoka suti asanamuyeze mwini wake: nsalu yabwino, msoko wowongoka, koma mikono ndi ya munthu wina.

Chomwe chimalamula kuchuluka kwa phokosolo ndi Denoising strength, nambala yoyambira pa 0 kufika pa 1. Ikakhala 0.3, mizere ya nyumba imakhala pomwe idali, koma chithunzi chimatuluka chotuwa, chikadali cha pensulo. Ikafika 0.8, chithunzi chimaoneka chenicheni, koma pulogalamu yatenga ufulu: yakweza denga, yawonjezera zenera, mwinanso yaika chumuni cha nyumba za kumayiko ozizira. Pa sikechi ya pensulo palibe nambala yapakati yomwe imapereka zonse ziwiri.

Yankho lidabwera mu Febuluwale 2023 kuchokera ku yunivesite ya Stanford, komwe Lvmin Zhang, Anyi Rao ndi Maneesh Agrawala adatulutsa ControlNet. Iyi imapatsa pulogalamu chithunzi chachiwiri choti izichitsatira pa sitepe iliyonse, kotero maonekedwe amachokera ku mawu, pomwe malo a chinthu chilichonse amachokera ku mizere. Ili ndi mitundu ingapo, ndipo kusankha molakwika ndiko kumagwetsa ambiri. Scribble idapangidwira zojambula zachisawawa, motero imamasulira momasuka. Ndi yabwino pofufuza maganizo, osati posunga milingo. Canny, yomwe dzina lake lidachokera kwa John Canny amene adafalitsa njira yopezera m'mphepete mwa zinthu mu 1986, imatola chilichonse: pofufutidwa, litsiro la chala, ngakhale mizere yoyeserera ija idapitirira kona. Mzere wonenepa wa pensulo imautenga ngati iwiri, ndipo pulogalamu imausandutsa paipi kapena mng'alu. MLSD imatola mizere yowongoka yokha, zomwe zimaiyenereza nyumba, koma khonde likakhala ndi khomo lopindika pamwamba siiliona. Mphamvu ya chitsogozochi imaikidwa pa Control Weight, yomwe imayambira pa 1. Ikatsitsidwa kwambiri nyumba imayamba kuyendayenda, ikakwezedwa kwambiri mizere yakuda imatsalira m'chithunzi.

Zikatere n'zoonekeratu kuti sikechi yosakonza siyenera kuperekedwa momwe ilili. ControlNet imamvera, ndipo imamvera ngakhale zolakwika: chitseko cha mamita 2.4 chija idzachisunga mokhulupirika, n'kuchipaka vanishi.

N'chifukwa chake njira yodalirika ndi kuphatikiza zonse ziwiri. Bokosi la mu Blender lija, lokhala ndi denga ndi mabowo okha, limatha kutulutsa zithunzi ziwiri zoyera: cha mizere, ndi china chosonyeza kutalikirana kwa zinthu, momwe zapafupi zimawala ndipo zakutali zimada. Chachiwirichi chimalowa mu ControlNet ya Depth, ndipo ndicho chimauza pulogalamu kuti khonde latulukira kunja, silidajambulidwe pakhoma. Mapulogalamu ongoyerekeza kutalikiraku kuchokera pa chithunzi adaphunzira pa zithunzi za kamera, choncho pa mizere ya pensulo amasokonezeka. Chochokera m'bokosi ndi chowerengedwa, si chongoganizira. Mawu amasiyidwa kuti anene zomwe mizere singanene: pulasitala wopaka penti yoyera, malata ofiira, dothi lofiira pabwalo, dzuwa la m'mawa. Nambala ya Seed ikasungidwa yomweyo, munthu amatha kusintha chinthu chimodzi n'kuona chomwe chasintha.

Ngakhale zonsezi zitachitika, tinthu ting'onoting'ono timapindikabe, ndipo pali chifukwa chake. Stable Diffusion siigwira ntchito pa pikiselo iliyonse. Imayamba yachepetsa chithunzi kasanu ndi katatu mbali iliyonse. Ngati khoma la mamita 12 latenga mapikiselo 600, m'katimo latsala timabokosi 75, kalikonse kakuimira masentimita 16. Felemu ya zenera ya masentimita 5 ndi zitsulo zotchinga akuba n'zochepera kabokosi kamodzi, ndiye pulogalamu imangozipeka. Mankhwala ake ndi kukulitsa chithunzi n'kubwereza malo a zenera okhawo ndi Inpaint, kapena kutenga mazenera a mu Blender n'kuwasanjika pamwamba.

Pali chinanso chomwe pulogalamu siingadziwe yokha: komwe nyumba idzamangidwe. Lilongwe ili madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa Ikweta. Mu Juni, dzuwa la masana limakhala chakumpoto, madigiri pafupifupi 52 kuchokera pansi, ndipo khoma la mamita 2.8 limagwetsa mthunzi wa mamita opitirira pang'ono 2 chakumwera. Ku Ulaya mthunzi wa masana umagwera kumpoto chaka chonse. Renda yoonetsa khonde loyang'ana kumwera likuwotha dzuwa la Juni, nthawi yomwe anthu amalifunadi, ikulonjeza chomwe nyumbayo siidzapereka.

Chomaliza ndi kuyesa, ndipo njira yake ndi yakale kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, Filippo Brunelleschi wa ku Florence adajambula pathabwa nyumba yobatiziramo ya mumzindawo, n'kuboola kabowo pathabwapo. Woyesa ankaima pomwe wojambula adaima, kusuzumira pakabowo kuchokera kumbuyo, atagwira galasi patsogolo kuti aone chojambulacho. Akachotsa galasi ankaona nyumba yeniyeni, mizere yake ili pamalo omwewo. Lero zimachitika mu GIMP kapena Photoshop: mizere yokonzedwa ija imasanjikidwa pamwamba pa renda, Opacity n'kuikidwa pa 50, kenaka kumayatsa ndi kuzimitsa. Chilichonse chomwe chadumpha chasuntha. Pambuyo pake amawerenga mazenera, nsanamira za khonde ndi mizere ya mabuloko, n'kuyezanso chitseko ngati chikadali magawo atatu mwa anayi a khoma. Munthu woikidwa m'chithunzi ataima pabwalo lathyathyathya, maso ake ayenera kugwera pafupi ndi mzere wa diso, kaya ali pafupi kaya ali kutali. Mutu wake ukagunda lintala, ndiye kuti pena palakwika.

Amene mukulipira munthu kuti akupangireni renda, pemphani zinthu ziwiri pamodzi ndi chithunzi chokongolacho: mizere ya nyumba yosanjikidwa pamwamba pake, ndi milingo yomwe wagwiritsa ntchito pa utali, mulifupi, khoma, chitseko ndi denga. Manambalawo muwafananize ndi a papulani yomwe ikupita kukhonsolo, chifukwa mmisiri adzamanga za papulaniyo.